Wa 53 walephera, wa 51 wakhoza

Zotsatira za semesita zikatuluka m'masukulu a ukachenjede, pamapezeka wophunzira amene wawonkhetsa malikisi ake, wapeza kuti apitirira 50, koma sukulu ikuti walephera. Kholo likamva limaganiza kuti mphunzitsi walakwitsa masamu, kapena akumuda mwanayo. Kawirikawiri masamu amakhala ali bwinobwino, chamugwetsa ndi lamulo limene sanaliwerenge.

M'makosi ambiri malikisi omaliza amachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ntchito ya m'kati mwa semesita: maasayimenti, timayeso tapakati ndi ntchito ya mu labu. Yachiwiri ndi mayeso akulu a kumapeto. Mbali iliyonse ili ndi gawo lake lokhazikika, koma masukulu ena amawonjezera kuti mbali iliyonse payokha isatsike pa mlingo wakutiwakuti. Amene ali ndi ana kapena abale ophunzira ku South Africa amalidziwa lamuloli. Ku UNISA, m'makosi ambiri, wopeza zosakwana 40 peresenti pa mayeso omaliza malikisi ake a maasayimenti sawerengedwa n'komwe. Ku Yunivesite ya Pretoria kulinso mlingo wa malikisi a m'semesita umene munthu ayenera kufika kuti aloledwe kulowa m'chipinda cha mayeso.

Titenge kosi imene ntchito ya m'semesita ili ndi magawo 40 pa 100, mayeso magawo 60, kukhoza n'kupeza 50, ndipo mbali iliyonse isachepere 40 peresenti. Mtsikana wina walimbikira maasayimenti ndipo wapeza 80 peresenti. Tikachulukitsa 80 ndi 0.4 tipeza 32. Iye akuwerengera kuti angotsala malikisi 18 kuti afike 50, ndipo 18 pa 60 ndi 30 peresenti chabe. Mtima m'malo, akuika kosiyi pambali n'kuyamba kuwerenga makosi ena omuvuta. Pa mayeso wapeza 35 peresenti, imene tikachulukitsa ndi 0.6 ikupereka 21. Kuwonkhetsa 32 ndi 21 ndi 53. Komatu 35 ija sinafike 40, choncho walephera.

Mnzake wa m'kalasi momwemo anapeza 45 peresenti yokha m'semesita, kutanthauza malikisi 18. Anadziwa kuti akufunika 32 pa 60, ndiye kuti pafupifupi 54 peresenti. Wapeza 55, imene ikupereka 33, zonse pamodzi 51. Wakhoza, ngakhale chiwerengero chake chili pansi pa cha mtsikana uja.

Tsono mlingo wa 40 uja usanamize munthu kuti ukaufika mbali zonse ziwiri ndiye wakhoza. Wopeza 40 uku ndi 40 uko ali ndi 16 kuphatikiza 24, yomwe ndi 40 basi, ndipo 50 ikadali kutali. Zipata ndi zitatu, ndipo chilichonse chimatseka pachokha.

N'chifukwa chiyani sukulu imachita nkhanza chotere? Asayimenti imalembedwa ku hositelo kapena kunyumba, kumene mphunzitsi sangaone amene wagwira cholembera. Ena amakopera kwa anzawo, ena amalipira wowalembera, ndipo pa ntchito ya pagulu tonse tikudziwa kuti pamakhala mmodzi wongobwera kudzalembetsa dzina tsiku lopereka. Popanda mlingo wa pa mayeso, munthu wotere angatenge digiri pa thukuta la ena. Mlingo wa mbali inayo umatchinga vuto lina: wanzeru zoloweza amene sapezeka m'kalasi semesita yonse, n'kudzawerenga usiku ndi usana sabata yomaliza. Namwino amene sanayezepo kuthamanga kwa magazi kwa wodwala sangakhululukidwe chifukwa walemba bwino papepala.

Ine ndimaona kuti lamuloli n'loyenera, ngakhale limapweteka pamalire. Kusiyana kwa 39 ndi 40 kungakhale funso limodzi laling'ono, kapena malungo a tsiku la mayeso. N'chifukwa chake masukulu ambiri ali ndi mayeso obwereza, aja ophunzira amati sapu, komanso njira yopemphera kuti pepala lichongedwenso. Amene amaloledwa kulemba sapu amasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo wodwala ayenera kupereka kalata ya kuchipatala m'nthawi yoikika, osati zotsatira zitatuluka kale.

Chodandaulitsa n'chakuti lamuloli limakhala m'chikalata cha kosi chimene chimaperekedwa sabata yoyamba, pamene ophunzira ali pakalikiliki wa fizi ndi malo ogona. Makosi a m'sukulu imodzi angathenso kusiyana magawo, ina 40 ndi 60, ina 50 ndi 50. Wowerengera malikisi amene akufunika pa mayeso atenge nambala yaikulu pa ziwirizi: imene masamu ampatsa, ndi mlingo wa pa mayesowo. Kwa mtsikana uja masamu anati 30, lamulo linati 40, ndipo yofunika kuikonzekera inali 40.