Silaidi Imodzi, Zinenero Ziwiri: Bokosi Liyezedwe ndi Chichewa

Pa maphunziro ambiri a zaumoyo, zaulimi ngakhale a mabanki a m'mudzi, zimene zimaoneka pakhoma n'zodziwikiratu. Mawu a Chingerezi ali pamwamba, akuluakulu, otakasuka. Munsi mwake muli Chichewa cha zilembo zing'onozing'ono, chothithikana, ndipo nthawi zina mzere womaliza wagwera kunja kwa bokosi. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa amene akhala pamabenchi aja akudalira Chichewacho. Vuto limayambira pa mmene ntchito inagwiridwira: wina anakonza masilaidi onse m'Chingerezi, n'kuyeza mabokosi kuti akwane mawu akewo, kenako anatumiza kwa womasulira kutatsala tsiku limodzi.

Chichewa chimadya malo ambiri kuposa Chingerezi, ndipo kuwerenga mawu sikungakuonetseni zimenezi. Titenge silaidi yophunzitsa kusungunula Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi amene anamveka kwambiri nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023. Mzere wa Chingerezi ukhoza kukhala uwu:

`Mix one ORS sachet in one litre of safe water`

M'Chichewa tingati: "Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa." Woyambawo uli ndi mawu 10, wachiwiri 11, ndiye munthu angaganize kuti n'zofanana. Koma mukawerenga zilembo pamodzi ndi mipata, Chingerezi chili ndi 45 pamene Chichewa chili ndi 70. Chifukwa chake n'chakuti mawu athu amanyamula zambiri m'kati mwawo: wochita, nthawi, wochitiridwa, zonse zimamatirira pa mneni mmodzi, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. Onjezani kuti "m" ndi "w", zimene zili ponseponse m'Chichewa, ndi zina mwa zilembo zotambalala kwambiri pa kompyuta.

Tsopano tiyeze malo. Silaidi ya PowerPoint ya masiku ano ndi yotambalala masentimita pafupifupi 34, ndipo msinkhu wake ndi 19. Mukaigawa pakati kuti chinenero chilichonse chikhale ndi mbali yake, mbali imodzi imatsala ndi masentimita 14 kapena 15. Pa zilembo za saizi 28, zimene munthu wa kumbuyo kwa holo angawerenge bwinobwino, mzere umodzi wa mbali yotere umanyamula zilembo pafupifupi 30. Ndiye kuti chiganizo cha Chingerezi chija chitenga mizere iwiri, cha Chichewa itatu. Pa mfundo imodzi kusiyanaku sikuoneka. Pa mfundo zinayi, Chichewa chaposa ndi mizere inayi, ndipo bokosi lasefukira.

Apa m'pamene PowerPoint imalowerera mwakachetechete. Mabokosi a mawu amene amabwera kale pa silaidi amakhala ndi lamulo lotchedwa `Shrink text on overflow`, limene limachepetsa zilembo zikachuluka kuti zikwane. Mukamata Chichewa m'bokosi loyezedwa ndi Chingerezi, zilembo zimafota zokha popanda kukufunsani, ndipo pa laputopu, maso ali pafupi, simuona cholakwika. Kuti mudziwe ngati zachitika, dinani m'mawuwo n'kuyang'ana nambala ya saizi pamwamba: ngati mbali ya Chingerezi ikuti 28 koma ya Chichewa ikuti 20, kompyuta yakusankhirani chinenero chofunika. Chochita n'kudina bokosilo ndi batani la kumanja, kusankha `Format Shape`, kupita pa `Text Box`, n'kuchonga `Do not Autofit`. Mukatero mawu akachuluka adzasefukira poyera, ndipo zimenezo n'zabwino, chifukwa vuto looneka limakonzedwa. Chitani zimenezi kamodzi mu `Slide Master`, pansi pa `View`, kuti silaidi iliyonse yatsopano itengere pomwepo.

Maganizo anga ndi akuti Chichewa chiyambe ndicho. Lembani silaidi m'Chichewa, yezani bokosi ndi chinenero chachitalicho, kenako ikani Chingerezi, chimene chidzakwana n'kutsala malo. Ngati Chingerezi chinabwera kale kuchokera ku likulu, musachidzaze mpaka pakhosi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a bokosi lisiyidwe lopanda kanthu, ndipo ngati sizitheka, silaidiyo igawidwe pawiri. Silaidi yoonjezera ilibe mtengo. Komanso palibe lamulo loti mbali ziwiri zikhale zofanana: Chichewa chikhoza kutenga masentimita 17, Chingerezi 12, ndipo mizere ya mbali zonse idzathera pamodzi.

Komabe bokosi lalikulu silithetsa zonse, chifukwa kutalika kwina kumabwera ndi womasulira. Mfundo yachiwiri ya silaidi yathu ndi `Discard after 24 hours`, zilembo 22. Womasulira wofuna kulemekeza chinenero akhoza kulemba kuti, "Madzi otsalawo ayenera kutayidwa pakatha maola makumi awiri ndi anayi." Palibe cholakwika m'chiganizochi, koma zilembo zafika 69. Mlangizi wa zaumoyo akaima pamaso pa amayi ku sikelo sayankhula choncho. Amati, "Tayani otsala pakatha maola 24," zilembo 30 zokha. Chasintha n'chiyani? Mneni wolamula walowa m'malo mwa "ayenera kutayidwa", ndipo nambala yalembedwa ngati nambala. Ulemu sunatayike, chifukwa "-ni" wa pa "tayani" waunyamula kale.

Mfundo yoyamba ija nayonso ikhoza kufupika ngati mutu wa silaidi utasenza gawo la katundu. Mutu ukakhala "Kasungunulidwe ka Thanzi", mzere wa pansi sufunikanso kubwereza mneni kapena dzina la mankhwala. Ungoti, "Paketi 1 mu lita 1 ya madzi otetezedwa," zilembo 38, kuchepera ndi Chingerezi chomwe. Koma taonani mawu amene sanachotsedwe. "Otetezedwa" ndi lalitali kuposa onse mumzeremo, ndipo munthu wothamangira kukwanitsa malo angakopeke kulidula. Likachoka, silaidi yauza anthu kuti madzi alionse ndi abwino, pa nthawi ya kolera. Podula, chotsani zobwerezabwereza ndi zokometsera. Muyezo, nthawi ndi chenjezo zisakhudzidwe. N'chifukwa chake wofupikitsa ayenera kukhala wodziwa nkhaniyo, osati wodziwa kompyuta yekha.

Nanga zinenero ziwirizi zikhale pa silaidi imodzi kapena zisiyane? Zimatengera amene ali m'chipindamo. Ngati pali alendo awiri osamva Chichewa pakati pa anthu makumi asanu, palibe chifukwa chowapatsa theka la khoma. Onetsani Chichewa chokha, alendowo apatsidwe Chingerezi pa pepala, nambala za masilaidi zikhale zofanana kuti azitsatira. Ngati gulu lasakanikirana ndithu, monga pa msonkhano wa kukhonsolo pamene pali mafumu, makhansala ndi a mabungwe, ikani zonse pa silaidi imodzi, koma mfundo zisapose zitatu. Chinenero chilichonse chikhale ndi malo ake osasintha kuyambira silaidi yoyamba mpaka yomaliza, kuti diso lidziwe kothamangira. Choipa kwambiri n'kusinthanitsa mizere, wina Chingerezi wina Chichewa, kutsika mpaka pansi, chifukwa aliyense amakakamizika kudumpha mzere umodzi pa iwiri iliyonse. Ndipo musasiyanitse zinenerozo pochepetsa chimodzi kapena kuchipendeketsa. Mtundu wa zilembo wosiyana, zonse zakuda bwino pa malo owala, ndi kamzere pakati n'zokwanira, makamaka m'makalasi athu opanda makatani mmene dzuwa limafufutitsa chithunzi cha pulojekita.

Pali kanthu kena kamene kamaoneka mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa kumanja. Mawu aatali ngati "kasungunulidwe" akalephera kukwana kumapeto kwa mzere, amadumphira pansi onse, n'kusiya dzenje lalikulu. Ena amafuna kubisa dzenjelo posankha `Justify`, koma zimenezo zimangomwaza mipata pakati pa mawu atatu otsalawo. Siyani mawu ayambire kumanzere, ndipo dulani mzere nokha pamene woyankhula angapumire, pogwiritsa ntchito `Shift+Enter`, imene imatsitsa mawu popanda kuyambitsa mfundo yatsopano. "Paketi 1 mu lita 1" pamwamba, "ya madzi otetezedwa" pansi, zikuwerengeka. Koma "ya" wotsala yekha kumapeto kwa mzere amapunthwitsa wowerenga. M'matebulo vutoli limakula. Danga loyezedwa ndi `Total` silingalandire "Zonse pamodzi", ndipo liwu likatalika kuposa danga, PowerPoint imalithyola paliponse, ngakhale pakati pa "n" ndi "g'". Tambasulani dangalo, kapena chotsani danga lina losafunika kwenikweni. Mitu ya zilembo zazikulu zokhazokha ndi bwino kuipewa, popeza imadya malo oonjezera pa mawu amene ndi aatali kale.

Zing'onozing'ono ziwiri zimachititsa manyazi pa tsiku lenileni. Choyamba ndi timizere tofiira pansi pa liwu lililonse la Chichewa, chifukwa kompyuta ikuliyesa Chingerezi cholakwika. Sitioneka chionetsero chikayamba ndi `F5`, koma tikhoza kuonekera pakhoma mukatuluka kukakonza kanthu. Mungatizimitse pa `File`, `Options`, `Proofing`, pochotsa chizindikiro pa `Check spelling as you type`. Dziwani kuti pamenepo Chingerezi nacho sichiyang'aniridwanso, ndiye chiyambe chakonzedwa. Chachiwiri ndi lembo la "ŵ", kwa amene amalembabe Malaŵi motero. Mitundu yodziwika ngati Arial ndi Calibri ili nalo, koma ina yokongoletsa ilibe, ndipo lembolo limatuluka losiyana ndi anzake kapena kabokosi kopanda kanthu. Fayilo ikapita pa fulashi kukatsegulidwa pa laputopu ya munthu wina imene ilibe mtundu wa zilembo wanuwo, kompyuta imaikapo wina, ndipo mizere ya Chichewa, imene inali pafupi kale ndi malire, ndiyo imayamba kusefukira. Sungani kope la PDF, limene silisuntha kalikonse.

Poyesa, musakhale pa mpando wa laputopu. Yatsani pulojekita m'chipinda chenichenicho, masana, mupite pa benchi yomaliza, ndipo munthu amene sanaonepo Chingerezicho awerenge mbali ya Chichewa mokweza n'kukuuzani zimene akachite akafika kunyumba. Pamene wazengereza, pali liwu lofunika kusintha kapena mzere woduka molakwika. Kenako yerekezani manambala a mbali ziwirizo mmodzimmodzi. Kawirikawiri zosintha za usiku womaliza zimalowa m'Chingerezi chokha, ndipo silaidi imafika pakhoma mbali ina ikunena tsiku latsopano la msonkhano wotsatira, ina ikunenabe lakale.