Lendi ya Zaka Zisanu Nayonso ndi Ngongole

Aliyense amene amawerenga malipoti a pachaka a makampani akuluakulu anaona chachilendo kuyambira mu 2019. Ngongole zinakwera pomwe kampani sinapite kubanki, ndipo chuma chinakula pomwe sinagule njerwa ndi imodzi yomwe. Chinasintha ndi kalembedwe ka malizi, mapangano obwereka nyumba, malo kapena makina kwa nthawi yaitali polipira lendi.

Kale, pansi pa lamulo la IAS 17, malizi ambiri sankaoneka pa balansi shiti, tsamba losonyeza zimene kampani ili nazo ndi zimene iyenera kulipira. Lendi ya chaka inkalembedwa ngati ndalama yotuluka, ndipo ya zaka zotsala inkabisala m'mawu ofotokozera kumapeto kwa lipoti. Choncho kampani yogula ndege pangongole inkaoneka yolemedwa, pomwe inzake yobwereka ndege yomweyo kwa zaka khumi inkaoneka yopepukidwa, chonsecho onse awiri sakanatha kuthawa kulipira. Bungwe la IASB la ku London, limene limakonza malamulo a kalembedwe ka maakaunti, linapeza kuti makampani a pamisika ya masheya anali ndi malizi a madola pafupifupi 3.3 thililiyoni, ndipo oposa 85 peresenti sankaoneka pa balansi shiti. Mu Januwale 2016 linatulutsa IFRS 16, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019. Makampani a pamsika wa masheya wa ku Malawi nawonso amaitsatira.

Ganizo lake ndi losavuta. Tsiku limene mwalandira makiyi, mwapeza ufulu wogwiritsa ntchito nyumbayo mpaka pangano litatha, ndipo ufuluwo ndi chuma ngakhale nyumbayo ndi ya eni ake. Tsiku lomwelo mwadzimanganso kuti mudzalipira, ndipo imeneyo ndi ngongole. Ziwirizi zimabadwa pamodzi, n'chifukwa chake zimalembedwa pamodzi.

Tiyerekeze kuti kampani yabwereka nyumba yosungiramo katundu ku Limbe kwa zaka zisanu, polipira K10 miliyoni kumapeto kwa chaka chilichonse. Zonse pamodzi ndi K50 miliyoni, koma akauntanti salemba nambala imeneyi, chifukwa ndalama ya m'tsogolo siilingana ndi ya lero. Ngati kampaniyo ikanakongola pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti, K10 miliyoni ya chaka chamawa ikufanana ndi K8 miliyoni ya lero, ya chaka chinacho ndi K6.4 miliyoni, kumangocheperachepera choncho. Zonse zisanu zikaphatikizidwa zimakwana K26.9 miliyoni. Imeneyi ndiyo imalembedwa ngati ngongole ya lizi, komanso ngati mtengo wa ufulu wogwiritsa ntchito nyumbayo.

Kuchoka apo ziwirizi zimayenda mosiyana. Ufulu uja umatha pang'onopang'ono mofanana, K5.4 miliyoni chaka chilichonse. Ngongole imabereka chiwongoladzanja cha K6.7 miliyoni m'chaka choyamba, kotero pa K10 miliyoni yolipidwa, K3.3 miliyoni yokha ndi imene imadula ngongoleyo, n'kutsala K23.6 miliyoni. Zochotsedwa pa phindu chaka chimenecho ndi K12.1 miliyoni, osati K10 miliyoni monga kale. M'chaka chachisanu zimatsika kufika pa K7.4 miliyoni. Mwininyumba amalandira zomwezo, ndipo zaka zonse zikatha chiwerengero ndi K50 miliyoni yomweyo, koma phindu limaonda kumayambiriro n'kunenepa kumapeto.

Lamuloli lili ndi malire. Lizi ya miyezi 12 kapena yocheperapo, ndiponso ya zinthu zotsika mtengo monga mipando ya mu ofesi ndi mafoni, kampani ikhoza kuilembabe ngati lendi wamba.

Pamene pamafunika maso ndi pa kutalika kwa pangano ndi pa chiwongoladzanja chosankhidwa. Kampani ikalemba zaka ziwiri zokha pomwe yathira ndalama zambiri kukonza nyumbayo ndipo ili ndi mwayi wowonjezera pangano, ngongoleyo yachepetsedwa. Ikasankha chiwongoladzanja chokwera kuposa chimene imalipira kubanki, yachepetsedwanso. Palinso lendi ya m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole yotere inafufuma m'makwacha nthawi yomweyo, koma mtengo wa ufulu uja sunasinthe, ndipo kusiyanako kunadya phindu.

Ngati muli ndi masheya kapena mukufuna kukongoza kampani, pezani mzere wa ngongole za malizi, muuphatikize ndi ngongole za kubanki, kenako muwerenge kumapeto kwa lipoti zaka ndi chiwongoladzanja chimene agwiritsa ntchito. Pamenepo mudzadziwa kulemera kwenikweni kwa katundu amene kampaniyo yasenza.