Kudula mawu akale poyankha imelo popanda kusokoneza nkhani

M'maofesi ambiri, imelo ya mawu awiri okha, "Chabwino, ndavomera", imafika ikukoka mchira wautali wa makalata a sabata yonse. Wolembayo sanachite dala. Munthu akangodina Reply, pulogalamu monga Gmail kapena Outlook imakopera kalata yonse imene akuyankha n'kuiika pansi pa yankho lake, ndipo kalatayo imakhala itanyamula kale zinzake zam'mbuyo.

Masamu ake ndi osavuta. Ngati kalata iliyonse ili ndi mizere 10 ndipo palibe amene akudula, kalata ya nambala 20 imakhala ndi mizere 200. Makalata onsewo akaphatikizidwa amakwana mizere 2,100, chonsecho mawu atsopano ndi mizere 200 yokha. Gmail imabisa mawu obwerezedwawo kuseri kwa timadontho titatu, koma kubisa si kuchotsa. Uthenga ukapitirira 102 KB, Gmail imaudula yokha n'kulemba "[Message clipped]", ndipo posankha podula siyang'ana kuti mfundo yofunika ili pati.

Vutoli silinayambe lero. Mu 1995, Sally Hambridge wa kampani ya Intel analemba malangizo a khalidwe loyenera pa intaneti, otchedwa RFC 1855. Langizo lake pa nkhaniyi linali loti woyankha afotokoze mwachidule zimene akuyankha, kapena asiye mawu ochepa okwanira kukumbutsa owerenga nkhaniyo, osati kubwereza kalata yonse. Chovuta ndi kudziwa kuti okwanirawo ndi ati.

Mwachitsanzo, mlembi wa komiti walembera anzake kalata ya mizere 30 yokonzekera msonkhano. Muli moni, ndemanga za msonkhano wapita, ndi mafunso awiri: tsiku komanso ndalama za chakudya. Msungichuma wodziwa ntchito amasiya mzere wosonyeza wolemba, amasunga funso lililonse lili ndi chizindikiro cha > kumayambiriro, ndipo amayankha pansi pake:

```
Lolemba, a Mlembi analemba kuti:
> Tikumane pa 14, ngati ndalama zifika Lachisanu.
Sizifika. Tisunthire pa 21.

> [...]
> Chakudya cha anthu 40 tingakwanitse?
Cha anthu 30 okha.
```

Moni wapita, ndemanga zapita, manambala a foni ndi maudindo a pansi pa kalata apitanso. Chizindikiro cha [...] chikuuza owerenga kuti pamenepo pachotsedwa mawu. Koma mawu akuti "ngati ndalama zifika Lachisanu" atsala, ndipo apa m'pamene pagona luso lonse. Akanadula chiganizocho pakati, yankho loti "Sizifika" likanakhala lopanda mutu, komanso mlembi akanaoneka ngati anakhazikitsa tsiku popanda kuganizira za ndalama. Timawu monga "ngati", "koma" ndi "pokhapokha" timaoneka tating'ono, koma kutichotsa n'kumuikira munthu mawu m'kamwa.

Mzere wa dzina nawo umavuta nkhani ikatalika. Chizindikiro chimodzi cha > chimasonyeza mawu a amene akuyankhidwa, pamene >> ndi mawu a munthu wina amene analankhula poyambirira. Wodula mosasamala amachotsa dzina limodzi n'kusiya mawu a wapampando pansi pa dzina la mlembi. Nthawi zambiri zigawo ziwiri zimakwana. Zikafika zitatu kapena zinayi, ndi bwino kungolemba chiganizo chimodzi chofotokoza pamene nkhani yafika.

Kuyesa ngati kudulako kwayenda bwino n'kosavuta: kuwerenga yankholo palokha, ngati munthu amene wangobwera kutchuthi. Mawu monga "zimenezo", "tsiku lija" kapena "njira yachiwiri" akapanda choloza, ndiye kuti mpeni walowa kwambiri.

Ena amaopa kuti akadula, kalata yawo isochera. Ayi ndithu. Mapulogalamu amalumikiza makalata pogwiritsa ntchito mizere yobisika ya In-Reply-To ndi References, ndipo ena amayang'ananso mutu wa kalata. Makalata akale amakhalabe m'bokosi la aliyense amene anawalandira.

Amene alibe makalatawo ndi munthu woitanidwa pakati pa nkhani, amene wangoikidwa pa Cc. Kumusiyira mchira wonse kuti awerenge kuyambira pansi kukwera m'mwamba n'kumulemetsa. Chomuthandiza ndi mizere itatu pamwamba, yonena zimene zagwirizanidwa, zimene zatsala, ndi chimene akufunidwa kuchita. Ngati ndi wakunja, monga wogulitsa chakudya uja, mchirawo uyenera kuwerengedwa wonse usanatumizidwe, chifukwa pansi penipeni pakhoza kukhala pamene komiti inkakambirana mtengo womaliza umene ingalole kulipira.