Padi yotopa singathamange ndi makonzedwe a padi yatsopano

M'malo osewerera magemu a mumzinda wa Mzuzu, padi imodzi imadutsa m'manja ambiri pa tsiku, ndipo nthawi zambiri imathera pa gemu ya mpira. Wokonda mpikisano wa magalimoto akailandira amapeza kuti galimoto ikukokera mbali imodzi ngakhale sanakhudze kanthu, kapena ikuchedwa kukhota kenaka n'kukhota mwadzidzidzi. Ambiri amafulumira kunena kuti padiyo yafa, chikhalirecho vuto lotere limachepa posintha manambala angapo m'gemu momwemo.

Kandodo koyendetsera ndi chala chachikulu, kamene osewera amati analogi, kali ndi tizitsulo tokhudzana mkati mwake, timene timauza gemu kumene chala chakankhira. Tizitsuloti tikaperepeseka, kapena fumbi likalowa, kandodoko kamasiya kubwerera pakati penipeni. Pofuna kubisa zimenezi, opanga magemu amasiya mpata pakatipo pomwe gemu simva kusuntha kulikonse. Mpata wogonthawu pa sikirini umalembedwa kuti `Deadzone`. Dalaivala wa minibasi yakale ya ku Nkhata Bay amaudziwa bwino: chiwongolero chimayamba chazungulira pang'ono matayala asanayankhe, ndipo m'makona otsetsereka a msewu umenewo mpata wotere umatopetsa mikono.

Gemu ya Forza Horizon 5, yomwe inatuluka mu 2021 pa Xbox ndi kompyuta, n'kufika pa PlayStation 5 mu 2025, ndi chitsanzo chabwino chifukwa imalola kusintha mpatawu. Pa tsamba la `Advanced Controls` pali `Steering Axis Deadzone Inside` ndi `Steering Axis Deadzone Outside`. Kuchoka pakati kufika m'mphepete, ulendo wa analogi uyerekezedwe kuti ndi magawo 100. Nambala ya `Inside` ndi magawo oyambirira amene gemu imanyalanyaza, pomwe ya `Outside` ndi malo amene gemu imawerenga kuti chiwongolero chafika pamapeto.

Nambala yoyenera imapezeka poyesa padi imene ili m'manja, osati pokopera za mnzako. Wosewera aimitse galimoto pamalo athyathyathya, asankhe kamera ya mkati yoonetsa chiwongolero, atsitse `Inside` kufika pa 0. Akankhire analogi kumanzere n'kuisiya ibwerere yokha, achitenso chimodzimodzi kumanja, kangapo konse, chifukwa analogi yotopa siimira pamalo amodzi nthawi zonse. Ngati chiwongolero chatsala chopendekeka, akweze nambalayo ndi magawo awiri n'kuyesanso. Tiyerekeze kuti pa 6 chikupendekekabe kumanzere koma pa 8 chawongoka. Apa aike 10, kuti magawo awiri owonjezerawo ateteze pamene padi ikunjenjemera pa liwiro.

Wina angaganize zongoika 25 kuti nkhani ithe. Zoonadi galimoto isiya kukokera kumbali, koma gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wa chala likhala lopanda ntchito. Pamsewu wowongoka, pofuna kuzemba galimoto ina pang'ono chabe, chala chimakankha koma palibe chochitika, chimawonjezera mphamvu, ndipo chikadutsa mpatawo chimakhala chili kale pa liwiro. Galimoto imapitirira muyezo, wosewera n'kubweza mbali inayo mopitiriranso, ndipo imayamba kuyenda mwanjokanjoka. Chizindikiro chimenechi chikaoneka, mpata wakula. Galimoto ikamatsetserekera yokha kumbali, mpata wachepa. Padi imene ikufuna kupitirira 20 kuti iwongoke yadutsa pochiritsidwa ndi manambala. Analogi yake ikufunika kupukutidwa mkati kapena kusinthidwa ndi amisiri okonza zamagetsi.

Mabatani aakulu akutsogolo, `R2` ndi `L2` pa PlayStation kapena `RT` ndi `LT` pa Xbox, ndiwo moto ndi buleki, ndipo amamva kukula kwa mphamvu imene chala chaika. Vuto lawo lalikulu limabisala kumapeto. Batani la moto likatha, limatha kufika pansi koma gemu n'kumawerenga magawo 90 okha. Ngati `Acceleration Axis Deadzone Outside` ili pa 100, galimotoyo siipatsidwa moto wonse, ndipo wosewera amangodabwa anzake a galimoto yofanana akumusiya pamsewu wowongoka. Tsamba la `Telemetry` limaonetsa kuchuluka kwa moto ndi buleki pamene galimoto ikuyenda. Likaonetsa 90 batani lili pansi, `Outside` itsike kufika pa 88, ndipo moto udzafika 100 chala chisanachite kufinya.

Ku buleki vuto limakhala koyambirira. Osewera ambiri amatsamiritsa chala pa `L2` podikira kona, ndipo ngati `Deceleration Axis Deadzone Inside` ili pa 0, kulemera kwa chalacho kumagwira buleki pang'onopang'ono ulendo wonse. Nyali zofiira zakumbuyo zikamayaka popanda chifukwa, nambalayo ikwezedwe kufika pa 5 kapena kupitirira pang'ono. Nambala ya `Outside` ya buleki ndi bwino kuisiya pamwamba momwe padi ingalolere, chifukwa ulendo wautali wa batani ndiwo umapatsa chala danga logwira buleki mwamphamvu popanda kumanga matayala.

Magemu a F1 ali ndi chinthu chinanso pa tsamba la `Calibration`, chotchedwa `Throttle Linearity`. Chikakwezedwa, theka loyamba la batani limapereka moto wochepa, ndipo wotsalawo umabwera kumapeto. Izi zimathandiza amene matayala akumbuyo amamuzungulirira pamalo amodzi potuluka m'kona yothina. Kuyambira pa 10 kapena 20 n'kokwanira. Kukweza kwambiri kumangosamutsira kudzidzimutsa kuja kumapeto kwa batani. Pa padi ya PlayStation 5, yomwe mabatani ake amadzilimbitsa okha potsanzira buleki yeniyeni, chala chikamawawa pakatha ola limodzi, `Trigger Effect Intensity` itsitsidwe kufika pa `Weak`.

Pa kasanjidwe ka mabatani, funso ndi lakuti chala chimodzi chisapatsidwe ntchito ziwiri zofunika nthawi imodzi. Pa padi ya Xbox, Forza imaika handibuleki pa `A`, giya yokweza pa `B`, yotsitsa pa `X`, ndipo zonsezi zili pansi pa chala chachikulu chakumanja. Kwa woyendetsa pa tala izi zilibe vuto, poti handibuleki saifuna kawirikawiri. Koma wokonda misewu yafumbi, amene amakoka handibuleki n'kutsitsa giya pakona yomweyo, amapindula akasamutsira handibuleki pa `RB` n'kusunthira kamera kwina. Mtengo wake ndi wakuti chala cha mkombaphala chimakwera pa `RB`, moto n'kutsalira chala chapakati, chomwe chimatenga masiku kuti chizolowere kupereka moto pang'onopang'ono. Wa manja aang'ono nthawi zambiri amapeza kuti kagwiridwe aka kamaumitsa dzanja.

Kusintha konseku kuchitikire m'kati mwa gemu. PlayStation 4 ndi 5 zili ndi `Custom Button Assignments` pa tsamba la `Accessibility`, koma zosinthidwa pamenepo zimakhudza magemu onse a akaunti imeneyo, ndipo malangizo a pa sikirini amapitiriza kutchula mabatani akale. Pamakina obwereka, wosewera mpira wobwera pambuyo angapeze batani lopatsira likuombera kugolo. Ndipo poti manambala a mpata wogontha ndi a padi imodzi yokha, wosewera m'malo oterewa aike chizindikiro m'mutu cha padi imene anayesa, alembe manambala ake mufoni, ndipo akapatsidwa ina abwerezenso kuyesa kwa chiwongolero kuja mpikisano usanayambe.