Kampani ya Chidindo Yosapezeka M'kaundula

Tiyerekeze mayi wina wa ku Mchinji amene amagula soya kwa alimi n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Chaka china anadziwana ndi bambo wina wolankhula mwaulemu, amene anati kampani yake yapata mwayi wopereka soya ku fakitale ina ya ku Kanengo. Anagwirizana kuti mayiwo azibweretsa katundu, bamboyo aziona za mapepala ndi mayendedwe, phindu azigawana pakati. Pangano analilemba pa pepala lokhala ndi dzina la kampani pamwamba, lothera ndi mawu akuti Limited, ndipo m'munsi anamenyapo chidindo. Chithunzi cha satifiketi ya kampaniyo anachitumiza pa foni.

Matumba makumi awiri oyamba analipiridwa pasanathe sabata. Mtima utakhala pansi, mayiwo anakongola ndalama ku banki m'khonde n'kutumiza matumba 200 a makilogalamu 50. Kuyambira pamenepo nyimbo inasintha: lero fakitale yachedwa kulemba cheke, mawa akauntanti wapita kumaliro.

Amene anawatsegula maso ndi mphwawo wogwira ntchito yowerengera ndalama. “Azakhali,” anafunsa motero, “ndalama zoyamba zija zinachokera ku akaunti ya kampani kapena ku nambala ya foni ya munthu?” Zinachokera ku foni. Mnyamatayo anakopera dzina lonse la kampani ndi nambala ya pa satifiketi, n'kukafufuza ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi makampani, yomwe kaundula wake wa pa intaneti amatchedwa MBRS. Dzinalo silinapezeke. Anayesa kulilemba mosiyanasiyana, poti chilembo chimodzi cholakwika chingathe kubisa kampani yeniyeni, koma ayi ndithu. Atafunsitsa za nambalayo, zinadziwika kuti inali ya bizinesi ina yosakhudzana n'komwe ndi soya. Mkulu uja anangotenga satifiketi ya eni ake n'kusinthapo dzina pa kompyuta.

Kuopsa kwa zimenezi kumamveka tikadziwa kuti kampani n'chiyani pamaso pa malamulo. Malinga ndi lamulo la makampani la 2013, kampani imabadwa tsiku lomwe yalembetsedwa. Kuyambira pamenepo imakhala payokha: ingathe kukhala ndi katundu, kutsegula akaunti ku banki, kusumira ena kapena kusumiridwa. Kaundula amasunga dzina lake, nambala yake, komwe kuli ofesi yake, komanso mayina a oiyendetsa. Ngati sinalembetsedwe, ndiye kuti kulibe. Choncho mayiwo anasainirana pangano ndi dzina lopanda mwini, ndipo panalibe akaunti kapena galimoto ya kampani yomwe khoti likanalamula kuti igwidwe.

Palinso kusiyana kwina komwe amalonda ambiri sakuzindikira. Munthu angathe kulembetsa dzina la bizinesi chabe motsatira lamulo la 2012, ndipo zikatero mwini wake ndiye amasenza ngongole zonse payekha. Bizinesi yotere si kampani, ndipo siyenera kudzitcha Limited. Laisensi ya kukhonsolo nayo imangololeza munthu kuchitira malonda pamalo pena, pomwe TPIN yochokera ku MRA ndi nambala ya msonkho. Mapepala awiriwa salowa m'malo mwa satifiketi ya kampani, ndipo chidindo aliyense angathe kudulitsa m'tauni.

Mwayi wa mayiwo unali woti anasunga umboni: malisiti a sikelo, nambala ya lole yomwe inanyamula matumba, mauthenga a pa foni ndi siginecha ya bamboyo. Amene wasaina m'dzina la kampani yomwe kulibe, mlandu umagwera iye mwini. Anakadandaula kupolisi, popeza kutenga katundu wa munthu pomunamiza ndi mlandu, ndipo loya anawalangiza kuti asumire bamboyo m'dzina lake lenileni. Komabe kupambana mlandu sikubweza soya ngati wolakwayo alibe katundu woti n'kulandidwa, ndipo anzawo a ku banki m'khonde ankadikirabe ndalama zawo mwezi ndi mwezi.

Kufufuza kotereku kumafunika katundu asanakwere lole. Pemphani dzina lonse ndi nambala, ndipo onani ngati ziwirizi zikulozera ku kampani imodzi. Onaninso ngati amene mukukambirana nayeyo ali pakati pa oiyendetsa. Ngati palibe, abweretse kalata yomupatsa mphamvu yosainira. Malipiro azichokera ku akaunti ya dzina la kampaniyo. Kupezeka m'kaundula sikutanthauza kuti eni ake ndi okhulupirika kapena kuti ali ndi ndalama, n'chifukwa chake mpofunikanso kufika nokha ku ofesi yawo, ndi kufunsa ku fakitale yomwe akuitchulayo ngati ikuwadziwa komanso ngati inawapatsadi oda.