Kusunga Kope Labwino la Dashibodi: Pothawira Deta Yatsopano Ikalakwika

Dashibodi ndi tsamba la pa kompyuta lomwe limasonkhanitsa ziwerengero za ntchito n'kuzionetsa mwachidule m'magirafu ndi m'matebulo. Payokha ilibe ziwerengero. Imazitenga m'nkhokwe ya deta, yomwe akatswiri amaitcha detabesi, ndipo pa nthawi yoikika, kawirikawiri usiku, pulogalamu imasonkhanitsa deta yatsopano n'kuiika m'malo mwa yakale. Ntchito imeneyi ndiyo kutsitsimutsa dashibodi, ndipo m'mapulogalamu ambiri batani lake limalembedwa kuti `Refresh`.

Kutsitsimutsa kumalakwika m'njira ziwiri. Nthawi zina ntchitoyo imaima panjira chifukwa magetsi azima kapena netiweki yaduka. Vuto limeneli ndi lopepukirapo, pakuti pulogalamu imalengeza yokha kuti yalephera. Loopsa ndi lachiwiri: ntchito imafika kumapeto, pulogalamu n'kunena kuti zonse zayenda bwino, koma zomwe zalowa zili zosakwanira kapena zobwerezabwereza. Ngati deta ya dzulo inafufutidwa kuti yatsopano ipeze malo, ndiye kuti palibenso pobwerera, ndipo akuluakulu a ntchito amagamula nkhani za m'mawa umenewo potengera ziwerengero zabodza.

Chitsanzo chongoyerekezera ndi cha bizinesi yokhala ndi masitolo 12. Usiku uliwonse sitolo iliyonse imatumiza fayilo ya malonda ake a mweziwo, ndipo pulogalamu imamanga tebulo lotchedwa `malonda`, momwe mzere uliwonse ndi lisiti limodzi. Dzulo tebulolo linali ndi mizere 48,000, ndipo popeza tsiku lililonse pamawonjezeka mizere pafupifupi 2,000, lero payenera kukhala pafupifupi 50,000. Koma usikuwo mafayilo a masitolo awiri afika opanda kanthu, ndipo tebulo latuluka ndi mizere 41,700. Pulogalamu sikuona cholakwika, chifukwa mafayilo onse 12 yawalandira. M'mawa girafu ikuonetsa ngati malonda atsika kwambiri, ndipo woyang'anira katundu akhoza kuchepetsa oda ya masitolo awiri amene akugulitsa bwinobwino.

Njira yodzitetezera imayamba ndi lamulo limodzi: deta yatsopano isalembedwe pamwamba pa yomwe anthu akuiona. Imamangidwa pambali, m'tebulo lina lotchedwa `malonda_atsopano`, pamene dashibodi ikupitiriza kuwerenga tebulo la dzulo. Magetsi akazima ntchito ili mkati, chomwe chawonongeka ndi tebulo lapambalilo basi.

Tebulo latsopano likatha kumangidwa, limayesedwa lisanaonetsedwe kwa anthu. M'chitsanzochi mafunso anayi ndi okwanira. Kodi mizere yachepa poyerekeza ndi dzulo? Kodi masitolo onse 12 akupezekamo? Kodi pali nambala ya lisiti ya sitolo imodzi yomwe yabwera kawiri, chizindikiro choti fayilo yalowetsedwa mobwereza? Nanga tsiku lomaliza lomwe lili m'tebulomo ndi la dzulo? Tebulo la mizere 41,700 lija lalephera mafunso awiri oyamba, choncho pulogalamu imalisiya pambali n'kutumiza uthenga kwa woyang'anira. Mayesowa amafuna kuwakonza mosamala, chifukwa kumayambiriro kwa mwezi mizere imachepa mwachilungamo, ndipo chenjezo lomwe limalira pachabe nthawi ndi nthawi anthu amasiya kulimvera.

Tebulo likapambana mayeso, matebulo awiriwo amangosinthana mayina. Mu detabesi ya PostgreSQL zimalembedwa motere:

```sql
BEGIN;
DROP TABLE IF EXISTS malonda_akale;
ALTER TABLE malonda RENAME TO malonda_akale;
ALTER TABLE malonda_atsopano RENAME TO malonda;
COMMIT;
```

Zonse zolembedwa pakati pa `BEGIN` ndi `COMMIT` zimachitika ngati chinthu chimodzi: mwina zonse zitheke, apo ayi pasachitike kalikonse. Motero palibe amene angatsegule dashibodi n'kupeza tebulo lasowa. Kusintha dzina sikusamutsa deta, n'chifukwa chake kumatha mwachangu ngakhale tebulo litakhala lalikulu. Chachikulu apa n'chakuti tebulo la dzulo silinatayidwe. Lilipo lathunthu pansi pa dzina la `malonda_akale`.

Mayeso sagwira cholakwika chilichonse. Mitengo ikhoza kulowa molakwika pamene mizere ndi masitolo zili zokwanira, ndipo amene amazindikira ndi munthu wodziwa bizinesiyo, akaona kuti sitolo yaing'ono yagulitsa mwadzidzidzi kuposa yaikulu. Pamenepo kubwerera m'mbuyo ndi kusinthanso mayina:

```sql
BEGIN;
ALTER TABLE malonda RENAME TO malonda_olakwika;
ALTER TABLE malonda_akale RENAME TO malonda;
COMMIT;
```

Tebulo lolakwikalo silifufutidwa msanga, pakuti ndimo muli umboni wa chomwe chinavuta. Pulogalamu yotsitsimutsa nayonso imayamba yaimitsidwa mpaka gwero la vuto litakonzedwa, apo ayi usiku wotsatira idzabweretsanso zolakwika zomwezo. Dashibodi iyeneranso kuonetsa poyera tsiku la deta yomwe ikuwerengedwa. Ziwerengero za dzana zolembedwa tsiku lake n'zothandiza, koma zikaoneka ngati za lero zimasocheretsa.

Kope limodzi lakale lili ndi malire ake. Ngati deta yolakwika yalowa Lachisanu usiku ndipo palibe waizindikira mpaka Lolemba, pulogalamu imakhala itasinthanso mayina Loweruka ndi Lamlungu, ndipo `malonda_akale` amakhala atadzaza ndi zolakwika zomwezo. Chithandizo chake ndi kusunga makope angapo okhala ndi tsiku pa dzina, monga `malonda_20240315`, n'kumafufuta lakale kwambiri latsopano likalowa. Chiwerengero cha makope chimadalira nthawi yomwe cholakwika chingakhale chisanaoneke: ofesi yotseka Loweruka ndi Lamlungu ikhoza kusunga a masiku 7. Ngati tebulo limodzi ndi la 200 MB, makope 7 amafuna 1.4 GB.

Mu PostgreSQL muli mbuna ziwiri zofunika kuzidziwa. Yoyamba ikukhudza `VIEW`, funso losungidwa lomwe limaoneka ngati tebulo. Ilo limamatirira tebulo lenileni, osati dzina lake, choncho mayina akasinthidwa limapitiriza kuwerenga tebulo lakale, ndipo limalepheretsa ngakhale kulifufuta. Liyenera kulozedwanso ku tebulo loyenera pa nthawi yomweyo yosinthana mayina. Yachiwiri ndi ya chilolezo: tebulo lomangidwa kumene silitengera zilolezo za lakale, ndipo lamulo la `GRANT` likaiwalika, dashibodi imakanizidwa kuwerenga.

Maonekedwe a dashibodi, monga magirafu ndi mafunso ake, amasungidwa padera ndi deta. Pulogalamu ya Grafana imasunga mbiri ya zosintha za dashibodi iliyonse, ndipo kope lakale limabwezeretsedwa ndi batani la `Restore`. Komabe batanilo limabweza maonekedwe okha, silikhudza ziwerengero za mu detabesi. Ngati tebulo latsopano linasintha mayina a magawo ake, ndiye kuti deta ndi maonekedwe ziyenera kubwezedwa pamodzi, apo ayi magirafu amatuluka opanda kanthu.

Makope amenewa salowa m'malo mwa kusunga detabesi yonse pa makina ena, chifukwa seva ikawonongeka amapita nayo limodzi. Ntchito yawo ndi yobweza dashibodi pa ziwerengero zodalirika m'mphindi zochepa. Njira yobwererayi iyenera kulembedwa bwino ndi kuyeseredwa pa tsiku lopanda vuto, ndiponso anthu oposa mmodzi aidziwe. Kope lakale lomwe silinayesedwepo kubwezeretsedwa silingadaliridwe.