Tsamba Limodzi la Akapitawo

Akapitawo alibe nthawi yowerenga lipoti lonse loyendera chitetezo pamalo omanga nyumba. N'chifukwa chake ine ndimalifupikitsa patsamba limodzi: choopsa, kukula kwake, ndi chochita.

Tinene kuti woyendera wapeza nsanja yaitali yopanda zotchinga m'mbali, komanso matumba a simenti atatseka njira. Nsanjayo ndimayiika pamwamba, ngakhale lipoti litayitchula kumapeto, chifukwa wogwa pamenepo akhoza kufa. Ndimalemba kuti: ntchito ya pansanja iime lero, kalipentala akhome zotchinga, kapitawo aone asanakwerenso munthu. Matumba angadikire mpaka mawa.

Mawu akuti "samalani" sindiwalemba konse. Sauza munthu chogwira, ndipo palibe angatsimikize kuti zachitika.